Mlombwa Uku, Paini Uko: Kugwirizanitsa Matabwa ndi Zitsulo Pabalaza

Ndi nyumba zochepa kwambiri zimene katundu wa pabalaza anagulidwa tsiku limodzi kwa kalipentala mmodzi. Kabati inachokera kwa makolo, sofa inali mphatso ya ukwati, tebulo linagulidwa m'mbali mwa msewu mwezi umene kunali kandalama, ndipo choikapo wayilesi ya kanema chinabwera ndi achimwene kuchokera ku Joni. Chilichonse pachokha n'chabwino. Koma zikakhala pamodzi maso sapeza popumira, ndipo mwini nyumba amangoona kuti pali china chake chosalongosoka ngakhale sangathe kuchiloza.

Zikatere ambiri amaitana kalipentala n'kunena kuti, "Bambo, mungozipaka zonsezi zifanane." Ine ndimaona kuti apa ndiye polakwika penipeni. Matabwa a mitengo yosiyana safanana ngakhale muwapake mankhwala a m'chitini chimodzi, chifukwa uliwonse umamwa mosiyana ndipo uli ndi mizere yakeyake. Chotsatira chake ndi katundu wofanana pang'ono, ndipo kufanana pang'onoko n'kumene kumasowetsa mtendere kuposa kusiyana koonekeratu. Taganizani za amayi amene avala chitenje chimodzi paukwati, koma mmodzi chake anagula kwina ndipo n'chofwifwa pang'ono. Maso a aliyense amathamangira pa iyeyo, pamene mlendo amene wavala zosiyaniratu palibe amamudabwa. Matabwa ndi zitsulo zimachitanso chimodzimodzi. Cholinga si kuti zifanane ayi, koma kuti zioneke kuti zinasankhidwa mwadala.

Kumene thabwa lapendekera

Tikati thabwa ndi labulauni sitinanene zambiri. Pansi pa bulauniyo pamakhala kamtundu kena kamene thabwalo lapendekerako, ndipo ndi kameneka kamachititsa kuti matabwa awiri agwirizane kapena akangane. Mbawa imapendekera kofiira; ikangopalidwa imakhala yofiirira mopepuka, kenako imanka nida ndi zaka. Mlombwa umakhala pakati pa bulauni wonga uchi ndi wofiirira, nthawi zambiri uli ndi mizere yakuda ndi yowala m'thabwa limodzi lomwelo. Paini, monga wochokera ku Chikangawa, ndi woyera mopendekera kuchikasu ndipo ali ndi mfundo zake zozungulira. Bulugamu amakhala wofiirira motuwa, pamene malaina ndi oyererako. Ndiye pali katundu wa m'masitolo wa matabwa opanikiza, wokutidwa ndi pepala kapena pulasitiki yojambulidwa ngati thabwa. Wambiri wa masiku ano amapendekera kotuwa ngati phulusa.

Kuti muone kupendekeraku, tengani pepala loyera la m'kope muliike pathabwalo masana, pafupi ndi windo koma osati padzuwa lenileni. Kuyera kwa pepalako kumavumbula zimene maso anazolowera: mudzaona kuti tebulo lija mumaliyesa labulauni ndi lachikasu ndithu, ndipo mikono ya sofa ndi yofiira. Matabwa opendekera kofiira, kuchikasu ndi kwa uchi ndi a banja limodzi, amakhalirana bwino. Lotuwa ndilo limakhala lachilendo pakati pawo. Mwayi wathu ndi wakuti mitengo yambiri imene akalipentala athu amagwiritsa ntchito ili m'banja loyambalo, motero vuto limabwera kawirikawiri ndi katundu wogula kusitolo.

Chachiwiri choyang'ana ndi kuda kapena kuwala kwa thabwa. Apa lamya ya m'manja imathandiza. Jambulani chipinda chonse mutaima pakhomo, kenako chithunzicho muchisinthe chikhale chopanda mitundu, chakuda ndi choyera basi. Katundu amene pachithunzipo akuoneka wotuwa mofanana ndiye ali pamlingo umodzi. Matabwa awiri a mitengo yosiyana akakhala pamlingo umodzi n'kugundizana, amaoneka ngati wina anayesa kuwafananitsa n'kulephera. Koma lina likakhala lowala bwino, lina lakuda bwino, lililonse limaonetsa kukongola kwa linzake.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala: thabwa silikhala mtundu umodzi moyo wake wonse. Kuwala kwa dzuwa ndi mpweya zimalisintha. Paini watsopano amakhala woyera, koma pakapita zaka amasanduka wachikasu mpaka kuyandikira mtundu wa lalanje. Vanishi wosungunulidwa ndi mafuta naye amawonjezera chikasu chake, ndipo chimakula akamakalamba, pamene vanishi wa madzi amakhala woyera osasintha kwenikweni. N'chifukwa chake mpando umene mwaufananitsa ndi kabati lero sudzafanana nayo pakapita zaka zingapo. Mukafuna umboni, sunthani chithunzi kapena nsalu imene yakhalitsa pamwamba pa kabati. Pansi pake mupeza mtundu wina.

Titenge balaza limodzi

Tiyerekeze chipinda chochezera cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, chonga cha m'nyumba zambiri za m'tauni. Pansi ndi pa simenti yofiira yopolisha. Muli kabati yaikulu ya mlombwa yokhala ndi zogwirira za mkuwa wachikasu zimene zinada ndi ukalamba. Muli sofa ya mikono ya mbawa, tebulo la pakati la paini lopakidwa vanishi wonyezimira amene tsopano wafiirira ngati lalanje, ndi choikapo kanema chotuwa cha miyendo yasiliva yonyezimira. Makatani apachikidwa pa ndodo zagolide zowala, ndipo zitsulo za m'mawindo zinapakidwa penti woyera amene wayamba kusuluka ndi dzimbiri. Mukawerenga mupeza matabwa anayi ndi zitsulo zinayi, chilichonse chikulankhula chake.

Poyambira ndi pansi, chifukwa ndi pamene pali mtundu waukulu kuposa katundu aliyense, ndiponso simungapasunthe. Simenti yofiira tiiwerenge ngati thabwa lofiira lalikulu. Pamenepo mwaona kale vuto loyamba: miyendo ya mbawa pa simenti yofiira imamira, sizidziwika pamene sofa yathera ndi pamene pansi payambira. Mankhwala ake si penti. Yalani mkeka wowala kapena kapeti yoyererako kuti miyendo ya kutsogolo ya sofa ndi tebulo zikhale pamenepo. Mkekawo ukulekanitsa zofiira ziwirizo, ndipo chilichonse chikuonekanso pachokha.

Kenako sankhani thabwa lotsogolera. Likhale la katundu wamkulu kapena amene simudzamuchotsa, ndipo muno ndi kabati ya mlombwa. Zina zonse tizifunsa funso limodzi: kodi zikukhala bwanji pafupi ndi kabatiyi? Mbawa ndi mlombwa n'za banja limodzi, koma pachithunzi chopanda mitundu chija zimayandikana kwambiri. Zikagundizana, kufiira kwa mbawa kumachititsa mlombwa kuoneka wofwifwa. Choncho musaike sofa mogundana ndi kabati. Ikhale kukhoma lina, kapena pakati pawo pakhale mpata wa khoma loyera, nsalu kapena chomera cha mumphika. Zikatalikirana, maso amangoona kuti n'zapachibale, saziyerekezanso mzere ndi mzere.

Tebulo la paini ndilo limayesa anthu kwambiri. Maganizo oyamba amakhala olipaka siteni, mankhwala aja odetsa thabwa, kuti lifanane ndi kabati. Ndikukupemphani kuti musatero. Paini samwa siteni mofanana: mbali zofewa zimamwa kwambiri, zolimba pang'ono, ndipo kumapeto kwa thabwa kumene linadulidwa kumada kuposa pena paliponse. Zotsatira zake ndi mawangamawanga, ndipo mfundo za paini zimaonekabe, moti aliyense amadziwa kuti ndi paini wovala malaya a eni. Chipinda chino chili kale ndi zakuda ziwiri ndi pansi pofiira. Chimene chikusowa ndi thabwa lowala, ndipo tebuloli ndi lomwelo. Kalipentala achotse vanishi wakale yense, akwechese ndi sandipepa ya nambala 120 kenako 180 motsata mizere ya thabwa, n'kupaka vanishi wa madzi wosanyezimira kwambiri. Tebulo libwerera kuyera kwake, ndipo mlombwa uyamba kuoneka wozama kuposa kale.

Koma thabwa lowalalo lisakhale lokha. Chinthu chikaoneka kamodzi m'chipinda chimakhala ngati chasochera. Chikaonekanso kwina, maso amavomereza kuti mwini nyumba anachifuna. Ikani kashelefu ka paini kukhoma la kutsidya, kapena mafelemu a zithunzi a thabwa lowala, kapena mpando umodzi woluka uja umagulitsidwa m'mbali mwa misewu yathu, umene mtundu wake uli pafupi ndi wa paini. Mkeka uja nawo uli m'gulu lomweli. Ndipo zobwerezazi zimwazikane: musaunjike zowala zonse mbali imodzi ndi zakuda zonse mbali ina, chifukwa chipinda chimaoneka ngati chapendama.

Chatsala ndi choikapo kanema chotuwa. Ichi ndicho mlendo weniweni, ndipo siteni sangachithandize chifukwa pamwamba pake si thabwa, palibe chomwa mankhwala. Mukachikwecha kwambiri mufika pa utuchi wopanikiza wa m'kati, umene ukanyowa umafufuma. Njira zilipo ziwiri. Mungachisamutsire kuchipinda china, kapena kuchikwecha pang'ono chabe kuti kuterera kuchoke, kupaka penti woyambira amene amagwira pa malo oterera, kenako penti wakuda wosanyezimira. Chikada chimasiya kunamizira kukhala thabwa, ndipo chakuda sichikangana ndi mtengo uliwonse. Tsopano matabwa atsala atatu: mlombwa, mbawa ndi paini. Pa chipinda cha msinkhu uwu, atatu akwana. Chikakhala chaching'ono kuposa apa, awiri ndi abwino.

Zitsulo: zazing'ono koma zimakuwa

Zitsulo zimatenga malo ochepa, koma popeza zimabweza kuwala, maso amazipeza msanga. Nazonso zili ndi mabanja. Mkuwa wofiira, mkuwa wachikasu ndi zonse zonga golide zimatsamira kumene kuli matabwa athu ofiirira. Zasiliva, kaya ndi aluminiyamu, chitsulo chosachita dzimbiri kapena zokutidwa ndi kulomu, zimatsamira kotuwa, ndipo kulomu amaoneka ngati ali ndi kabuluu. Chitsulo chakuda, chonga cha owotcherera athu, chimakhala ndi aliyense.

Anthu ena amakhulupirira kuti golide ndi siliva siziyenera kukumana m'chipinda chimodzi. Si zoona. Zimakumana bwino ngati chimodzi chatsogolera ndipo chinacho chikungothandizira, tinene magawo awiri mwa atatu kwa chotsogolera. Chimene chimawononga ndi chija tanena kale, kufanana pang'ono. M'balaza lathuli, zogwirira za kabati ndi mkuwa wakale wozama mtundu, pamene ndodo za makatani ndi golide wowala wa kufakitale. Zonse ndi "zagolide", koma zikaonekera pamodzi ndodozo zimaoneka zotchipa ndipo zogwirirazo zimaoneka zauve. Zingakhale bwino kukhala ndi mkuwa ndi chakuda kusiyana ndi agolide awiri osagwirizana.

Tsono chitsulo chotsogolera muno chikhale chakuda, pa chifukwa chosavuta: zitsulo za m'mawindo ndizo zochuluka, ndipo zikufunika kale penti. Ambiri saziwerengera n'komwe pokongoletsa nyumba, chonsecho ndizo chitsulo chachikulu m'zipinda zathu zambiri. Zipalidwe dzimbiri ndi bulashi ya waya, zipakidwe penti wofiira woteteza dzimbiri, akauma zipakidwe wakuda. Mukadumpha woteteza uja, dzimbiri lidzatulukiranso pansi pa penti mvula ikangodutsa. Ndodo za makatani ndi miyendo ya choikapo kanema nazo zide. Pa zonyezimira zotere penti sagwira msanga, choncho muyambe mwazikwecha mpaka kunyezimira kuthe, muzipukute fumbi ndi mafuta, mupake woyambira, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito penti wopopera, poperani mopyapyala kawiri kapena katatu mutatalikira masentimita 25 mpaka 30. Kupopera kamodzi mochindikala kumasiya misozi ya penti imene siichoka ikauma.

Mkuwa wa pakabati ukhale wothandizira. Musanaugwire, yesani ndi maginito. Mkuwa weniweni sukoka maginito; akamatirira, dziwani kuti ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba, ndipo mukachikwecha mwamphamvu chikutocho chidzachoka n'kusiya chitsulo chimene chidzachita dzimbiri. Ukakhala weniweni, madzi a ndimu osakaniza ndi mchere pang'ono amachotsa kudako. Chotsani zogwirirazo pakabati kaye, ndipo mukatha muzitsuke ndi madzi n'kuziumitsa bwino. Ine sindikonda kuupukuta mpaka kuwala ngati galasi. Mkuwa wodako pang'ono umakhala bwino kwambiri pa mlombwa, chifukwa zonse ziwiri zimaonetsa kuti zakhala zaka. Kenako ubwerezeni kawiri kwina: tsinde la nyale ya patebulo, felemu imodzi ya chithunzi, kapena wotchi ya pakhoma ya mkombero wa mkuwa.

Nanga zogwirira zitseko zasiliva, zimene zili m'nyumba zambiri za lendi? Zisiyeni. Ndi zazing'ono, zili m'mphepete mwa chipinda, ndipo simungasinthe katundu wa eni nyumba. Si chitsulo chilichonse chiyenera kulowa m'dongosolo. Mahinjesi ndi zomangira za pansi pa mpando palibe amaziyang'ana.

Ngati m'malo mwa kabati ya mlombwa muli ndi katundu wambiri wotuwa wa kusitolo ndi matailosi oyera, nkhani imatembenuka. Pamenepo chotuwacho ndicho chotsogolera, siliva ndi chakuda ndizo zitsulo zake, ndipo thabwa lofiira kwambiri ngati mbawa ndilo likhala mlendo. Malaina kapena paini wopakidwa vanishi wa madzi angalowe bwino, ndipo kamkuwa pang'ono kamachotsa kuzizira kwa chipinda chotere.

Kunyezimira ndi nyale

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwirizanitsa katundu wosiyana mitundu popanda kusintha mtundu uliwonse, ndicho mlingo wa kunyezimira. Akalipentala ambiri amakonda vanishi wowala kwambiri chifukwa amakopa wogula pamsewu. Koma tebulo lowala ngati lanyowa likakhala pafupi ndi kabati yakale yosawala, kusiyana kumene mukuona si kwa mitengo, ndi kwa vanishi. Katundu yense wa thabwa akakhala wowala pang'ono mofanana, mitengo itatu imaoneka ngati yadutsa m'manja mwa mmisiri mmodzi. Wowala kwambiri amaonetsanso fumbi ndi kukandika kulikonse, zimene m'miyezi ya fumbi zimatopetsa wopukuta. Pa zitsulo n'chimodzimodzi: chakuda chosanyezimira chimagona bwino ndi mkuwa wakale kuposa chakuda chowala.

Babu nalo lili ndi mawu ake. Pakatoni yake pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 2700K kapena 3000K limatulutsa kuwala kopendekera kuchikasu, kumene kumakometsa mlombwa, mbawa ndi mkuwa. La 6500K limawala moyera mopendekera kubuluu. Limathandiza kukhitchini, koma pabalaza limafwifwitsa matabwa ofiirira n'kukweza zasiliva. Anthu ena amadana ndi mipando yawo usiku wokha, osadziwa kuti wolakwa ali kudenga. Musanalipire mmisiri aliyense, sinthani babu muonenso chipindacho, ndipo mababu onse a chipinda chimodzi akhale a nambala imodzi.

Pamene siteni sangapeweke

Nthawi zina kudetsa thabwa kumafunikadi, monga pamene matabwa onse m'chipinda ndi owala ndipo mukufuna limodzi lozama. Kumbukirani kuti siteni amadetsa basi, sawalitsa, ndipo akalowa m'thabwa kumuchotsa ndi ntchito yaikulu. Salowanso pamwamba pa vanishi wakale; pamene patsala vanishi padzakhala chigamba chowala. Uzani mmisiri ayese kaye kunsi kwa tebulo kapena pa kachidutswa ka mtengo womwewo: mbali ina apake kamodzi, ina kawiri, ndipo zonse azivale vanishi amene adzagwiritse ntchito, chifukwa vanishi amasintha mtundu wa siteni. Ziume usiku wonse, muzione masana ndi usiku zili pafupi ndi thabwa lotsogolera. Pa paini, kuyamba ndi chotsekera chosungunula kwambiri kumachepetsa mawanga aja. Ndipo cholinga chikhale choti thabwalo lide kuposa lotsogolera kapena liwale kuposa ilo moonekeratu, osati lifike pomwepo.

Mlombwa ndi mbawa zikusowa masiku ano, ndipo katundu wina wogulitsidwa ndi mayina amenewa amakhala paini kapena bulugamu wodetsedwa. Suzumirani kunsi kapena m'kati mwa dilowa, kumene sikupakidwa kawirikawiri, muone mtundu weniweni wa thabwalo. Katundu wotere si woipa, koma mukamudziwa mudzamulipira mtengo wake woyenera, ndiponso mudzadziwa kuti akakandika padzatuluka poyera.

Njira yotchipa kuposa zonse yogwirizanitsira katundu wosiyana ndi kusintha zogwirira. Kabati ndi shelefu za mitengo yosiyana zikavala zogwirira zofanana zimaoneka zapachibale nthawi yomweyo. Musanapite kuhadiweya, yezani kuchokera pakati pa bowo lina kufika pakati pa linzake. Zambiri za masiku ano ndi mamilimita 96 kapena 128, koma za katundu wakale zimatha kusiyana, ndipo kuboola mabowo atsopano pa mlombwa ndi chinthu chosabwezeka. Bwinonso kuchotsa chogwirira chimodzi n'kupita nacho.

Chimodzimodzi mukamakaitanitsa katundu watsopano kwa kalipentala. Musamuonetse chithunzi cha pa lamya, chifukwa lamya iliyonse imaonetsa mitundu mwa njira yake, ndipo musangonena kuti "wabulauni". Solorani dilowa imodzi ya kabati yanu, muinyamule mpaka kushedi kwake, muiike pafupi ndi matabwa amene ali nawo panja powala, ndipo mumuuze kuti mukufuna lowala kapena lakuda kuposa limeneli, la vanishi wowala pang'ono.